Wosewera Akabinya, Akakokana Minofu Kapena Kukomoka: Zoyenera Kuchita Mphunzitsi wa Timu

Mukadutsa pabwalo la sukulu kapena la tchalitchi madzulo ku Santhe, ku Chamama kapena ku Nkhamenya, mudzapeza atsikana akuponyerana mpira wamanja, anyamata akuthamangitsa wamiyendo. Wowaphunzitsa amakhala mphunzitsi wa pasukulu, mnyamata wamkulupo, kapenanso mmodzi wa inu amayi. Ena mwa inu mumayenda ndi timu ngati owayang'anira atsikana. Mwana akagwa, maso onse amayang'ana kwa inu, pomwe chipatala chili kutali ndipo kabaza safika msanga.

Mavuto atatu amene amachitika kawirikawiri pokonzekera masewero ndi kubinya, kukokana kwa minofu ndi kukomoka. Nthawi zambiri onsewa amatha popanda choopsa, koma lililonse lili ndi linzake lofanana nalo lomwe ndi loopsa. Kubinya kumafanana ndi kuthyoka fupa, kukokana kumatha kukhala chiyambi cha kutenthedwa thupi koopsa, ndipo kukomoka kumafanana ndi kuima kwa mtima. Ntchito yanu m'mphindi zoyamba ndi kusiyanitsa ziwirizi, ndi kuletsa anthu achifundo kuchita zinthu zowonjezera vuto.

Kubinya: kodi angayende masitepe anayi?

Tiyerekeze kuti ndi Lachitatu madzulo. Mtsikana wazaka 16 wadumpha kuti awakhe mpira, ndipo potera waponda phazi la mnzake. Phazi lake lapindikira mkati, wagwa pansi atagwira kakolo. Uku ndiko kubinya kofala kwambiri pa mpira wamanja, makamaka pamabwalo athu ouma gwa, okhala ndi maenje ndi ziputu, pomwe ambiri amasewera opanda nsapato.

Chachitika mkati ndi ichi. Mafupa a pakakolo amamangidwa ndi mitsempha yolimba ngati luzi. Iyi si mitsempha yodutsa magazi ayi, ndi yogwirizitsa fupa ndi fupa linzake. Phazi likapindikira mkati, mitsempha ya kunja kwa kakolo imatamuka kupyola muyezo kapena kung'ambika. Timitsempha ta magazi tapafupi timaphulika, magazi ndi madzi zimasonkhana pamenepo, ndiye kutupa mukuonako. Fupa silinachoke m'malo mwake. N'chifukwa chake kukoka phazi kuti "libwerere" sikuthandiza. Kumangowonjezera kung'ambikako, ndipo ngati fupa lathyoka, kukoka kungalisunthe n'kuvulaza zina zapafupi.

Imitsani masewero, mtsikanayo akhale pansi pomwepo, anzake afutuke. Muvuleni nsapato ndi sokosi mofatsa, kutupa kusanakule. Yang'anani phazilo mukulifanizira ndi linzake. Ngati lapindika moonekeratu, kapena pali bala lomwe fupa likuonekera, musapitirire ndi china chilichonse. Phimbani balalo ndi nsalu yoyera, kulungani mwendo ndi bulangete kapena katoni kuti usagwedezeke, mupite naye kuchipatala osaliwongola.

Ngati phazi likuoneka lowongoka, yesani zinthu ziwiri zomwe ngakhale achipatala amayambira. Choyamba, dinani ndi chala pafupa penipeni. Kakolo ali ndi mfundo ziwiri za fupa, ina kunja ina mkati. Dinani kunsonga kwa iliyonse ndi m'mphepete mwake mwa kumbuyo, kukwera m'mwamba utali wa zala zinayi zogundana. Dinaninso kafupa kotuluka m'mbali mwa phazi, pakati pa chidendene ndi chala chaching'ono, ndi kena kotero m'mbali ya mkati mwa phazi, patsogolo pang'ono pa kakolo. Chachiwiri, papite mphindi zingapo, kenaka mumuimiritse ayese kuyenda masitepe anayi. Kutsimphina n'kololedwa, bola phazi lovulalalo lisenze thupi.

Mtsikana wathuyu akuti pafupa sipakuwawa, pakuwawa ndi pofewa, kutsogolo ndi kunsi kwa mfundo ya kunja. Wayenda masitepe anayi motsimphina. Apa n'kutheka kwambiri kuti wangobinya. Akanalumpha ndi ululu mutadina pafupa, kapena kulephera kuponda, mukanati fupa lathyoka kufikira atamujambula. Kujambula kumachitika pa zipatala zazikulu monga cha boma cha Kasungu, komwe kuli achipatala oona za mafupa amene amaikanso chikhakha.

Chenjerani kwambiri ndi ana amene akukulabe, monga a zaka 14 kutsika m'munsi. Kumapeto kwa mafupa awo kuli malo ofewa omwe fupa limakulira, ndipo nthawi zambiri malowa amagonja msanga kuposa mitsempha. Mwana wotere akatupa kakolo n'kumamva ululu pafupa, akaonedwe kuchipatala ngakhale akutha kuyenda.

Mukatsimikiza kuti wabinya, chitani zinthu zinayi. Apume, osabwereranso m'bwalo tsiku limenelo ngakhale atachonderera. Ziziritsani potupapo kwa mphindi 15 mpaka 20. Mafilizi awiri ogula pagolosale, okulungidwa m'kansalu, amagwira bwino ntchitoyi, koma musaike chozizira chotere pakhungu mwachindunji chifukwa chimawononga khungu. Ngati palibe, nyowetsani nsalu m'madzi a mumtsuko, muzisintha ikafunda. Kenaka mangani ndi bandeji yotamuka, kapena chidutswa cha chitenje chotambalala ngati chikhatho, kuyambira kuseri kwa zala, kuzunguliza phazi ndi kakolo mopingasa, mpaka kufika pakati pa msongolo. Pomaliza, agone n'kutsamiritsa mwendowo pachikwama kapena pampando kuti phazi likhale pamwamba kuposa chifuwa.

Kumanga kothina kwambiri n'koopsa. Mukamanga, dinani chikhadabo cha chala chachikulu mpaka chiyere, n'kusiya. Mtundu wake ubwerere pasanathe masekondi awiri. Zala zikazizira, zikachita dzanzi kapena kuda, masulani mumangenso mokhwepa. Usiku pogona bandejiyo achotse.

Pomuperekeza kunyumba, auzeni makolo ake mawu awa: kwa masiku awiri, asamuthowe ndi madzi otentha, asamusisite, asamuteme mphini. Kutentha ndi kusisita kumachulukitsa magazi pamalo pomwe pakutuluka kale magazi mkati, ndipo kutupa kumakula. Aziziziritsa pakapita maola awiri kapena atatu alionse masana. Panado amathandiza ululu: wamkulu amwe mapiritsi awiri a mamiligalamu 500, osapitirira kanayi patsiku, ndipo mwana wamng'ono apatsidwe mlingo wochepa molingana ndi malangizo a achipatala. Asipulini musapatse mwana wosakwana zaka 16.

Pakatha masiku awiri, ayambe kugwedeza phazi ndi kuyenda pang'onopang'ono, chifukwa kakolo wongogonekedwa amauma. Kubinya kochepa kumatha pa sabata imodzi kapena ziwiri, kwakukulu kumatenga masabata 6 kapena kuposera. Abwerere m'bwalo pokhapokha atatha kuima ndi mwendo wovulalawo wokha kwa masekondi 30, kudumpha nawo kakhumi, ndi kuthamanga mokhotakhota popanda ululu. Womubweza msanga amamupangitsa kumabinya pomwepo chaka ndi chaka. Ngati pakatha masiku asanu kutupa ndi ululu sizikutsika, apite kuchipatala.

Bondo lili ndi chenjezo lakelake. Wosewera akamva kuti china chaduka mkati, bondo n'kutupa pasanathe maola awiri, kapena likamafooka poponda, musayese kuti n'zazing'ono. Mu 2018 Mwawi Kumwenda, katswiri wa Malawi Queens, anadula mtsempha wa mkati mwa bondo akusewerera timu ya Melbourne Vixens ku Australia, ndipo anakhala miyezi yambiri osasewera atamuchita opaleshoni. Bondo lotere ndi la achipatala.

Kukokana kwa minofu: kodi kukumasuka, nanga mutu ukugwira?

Kukokana kumabwera kumapeto kwa masewero. Mnofu wa katumba kapena wa ntchafu umangouma mwadzidzidzi ngati mwala, wosewera n'kugwa akukuwa. Chachikulu chimene chimayambitsa ndi kutopa kwa mnofu, ndipo kutentha ndi kutaya madzi ndi mchere m'thukuta kumawonjezera.

Kuno ku Kasungu taganizirani za mwezi wa Okutobala ndi Novembala. Achinyamata ambiri amadzuka m'mamawa kukathirira nazale za fodya kudimba, kusenza makheni a madzi uku ndi uku, ndipo madzulo ena amabwererakonso. Pofika pabwalo amakhala atatopa kale ndiponso atataya thukuta lambiri, pomwe dzuwa likuswa mtengo. Mphunzitsi amene safunsa zomwe ana ake achita kuyambira m'mawa amadabwa akamagwa mmodzimmodzi.

Mankhwala a kukokana ndi kutambasula mnofuwo mofatsa. Ngati ndi katumba, wosewera agone chagada, muwongole bondo, mugwire phazi n'kukankhira zala chakumaso kwake pang'onopang'ono. Gwirani choncho masekondi 20 mpaka 30, siyani, bwerezani mpaka mnofu ufewe. Ngati ndi kumbuyo kwa ntchafu, kwezani mwendo wonse uli wowongoka. Ngati ndi kutsogolo kwa ntchafu, agone chafufumimba, mupinde bondo kuti chidendene chilowere kumatako. Osamenya mnofu ndi chibakera, osakoka mwadzidzidzi. Ukamasuka mungathe kusisita mopepuka.

Mutengereni pamthunzi amwe madzi pang'onopang'ono. Ngati wataya thukuta lambiri, sungunulani paketi imodzi ya Thanzi m'lita imodzi ya madzi abwino, omwe ndi mabotolo awiri a mamililita 500. Ngati Thanzi palibe, thirani m'lita imodziyo masupuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere, osasefukira. Mukalawa asawawe mchere kuposa misozi. Musamupatse mchere wouma kuti anyambite, umachititsa nseru.

Pali zinthu ziwiri zofunika kusiyanitsa. Ngati ululu unabwera ngati wina wamugenda akuthamanga, ndipo kutambasula kukuwonjezera ululuwo m'malo mouchepetsa, ndiye kuti mnofu wang'ambika. Lekani kutambasula, musamalire monga tanenera pa kubinya. Chachiwiri n'choopsa kwambiri. Mufunseni dzina lake, komwe ali, ndi tsiku la lero. Ngati akuyankha zosokonekera, akudzandira ngati woledzera, akuchita ukali wosadziwika bwino, ndipo thupi latentha kwambiri, ndiye kuti kutentha kwafika posokoneza ubongo. Izi zimapha. Musanyengedwe poona kuti akutulukabe thukuta. Mugonekeni pamthunzi, chepetsani zovala, muthireni madzi thupi lonse mosalekeza uku ena akumukupiza ndi makatoni, ndipo ikani nsalu zonyowa m'khosi, m'khwapa ndi m'mphechepeche. Yambani kuziziritsa nthawi yomweyo pomwe wina akuthamangira galimoto, ndipo pitirizani m'njira yonse.

Kukomoka: kodi akupuma?

Kukomoka wamba kumachitika magazi akachepa muubongo kwa kanthawi. Kawirikawiri kumagwira munthu amene waima nthawi yaitali padzuwa, kapena amene wangoima chiriri atatha kuthamanga, magazi n'kutsalira m'miyendo. Amayamba wamva chizungulire, m'maso mumada, thukuta lozizira limatuluka, kenaka amagwa. Wosewera akakuuzani kuti akuona chidima, mugonekeni pansi asanagwe.

Akagwa, gwadani pambali pake, mugwedezeni paphewa mukumuitana dzina mokweza. Akapanda kuyankha, mugonekeni chagada, ikani dzanja pachipumi, kwezani chibwano ndi zala ziwiri kuti njira ya mpweya itseguke. Ikani tsaya lanu pafupi ndi kamwa yake, maso ali pachifuwa, kwa masekondi osapitirira 10.

Ngati akupuma bwino, kwezani miyendo yake pafupifupi masentimita 30, kutalika kwa rula ya kusukulu, kuti magazi abwerere kumutu. Masulani zothina, mukupizeni, ndipo uzani anthu ataime patali. Mtsikana mumufunditse chitenje m'chiuno kuti ulemu wake usungike. Musamuthire madzi m'kamwa ali chikomokere, chifukwa amalowa m'mapapo. Musamukhazike tsonga, musamumenye mbama, musamufukize utsi wa sanza kapena kumununkhiza anyezi. Wokomoka wamba amatsitsimuka pasanathe mphindi imodzi kapena ziwiri. Akapanda kutsitsimuka koma akupuma, mugonekeni cham'mbali, bondo lapamwamba litapindidwa, kamwa italoza pansi kuti akasanza asatsamwe, ndipo mupite naye kuchipatala ali chigonere choncho.

Akatsitsimuka agonebe mphindi 10 mpaka 15, kenaka akhale tsonga, kenaka aimirire. Akatha kugwira yekha kapu, mupatseni madzi a shuga, thobwa kapena nthochi. Tsiku limenelo asasewerenso, ndipo wina amuperekeze mpaka pakhomo.

Tsopano funsani chifukwa chake, ndipo apa inu amayi muli ndi mwayi womwe mphunzitsi wamwamuna alibe. Mutengereni pambali. Wadya chiyani lero? M'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale ana ambiri amabwera pabwalo ali ndi phala lam'mawa lokha. Wakhala akumva kutentha thupi kapena kuphwanya m'thupi? Akayezetse malungo tsiku lomwelo. Tsitsani chikope cham'munsi muone: ngati mkati mwake ndi m'zikhatho mwayera, magazi angakhale ochepa, zomwe zimachitika kwa atsikana otaya magazi ambiri akakhala kumwezi. Ngati wadumphitsa mwezi, ndipo wakomoka akumva ululu m'munsi mwa mimba, thamangani naye kuchipatala osadikira mawa, chifukwa mimba yokhala kunja kwa chiberekero ikaphulika munthu amatayira magazi mkati.

Pali funso lina la kuno kwathu: kodi m'mawa anali kothyola kapena kusoka fodya? Masamba a fodya akanyowa ndi mame kapena mvula, chikonga chake chimalowa m'thupi kudzera pakhungu. Pakapita maola angapo munthu amamva mutu, nseru, chizungulire ndi kufooka, mwina kusanza kumene. Lipoti la bungwe la Plan International la 2009 linafotokoza za vutoli pakati pa ana ogwira ntchito m'minda ya fodya m'Malawi muno. Wosewera wotere avule zovala zomwe anagwirira ntchito, asambe ndi sopo, amwe madzi, apume. Nthawi zambiri zimatha pa tsiku limodzi kapena awiri. Koma ngati akutuluka dovu lambiri, akupuma movutikira, kapena anagwira mankhwala opopera, apite kuchipatala msanga pamodzi ndi botolo la mankhwalawo.

Funsaninso omwe anaona kuti anagwa bwanji. Wokomoka ali chiimire atatha kuthamanga nthawi zambiri sakhala pangozi. Koma amene wagwa ali mkati mothamanga, popanda chenjezo, kapena anamva ululu pachifuwa ndi mtima kugunda modumphadumpha, kapena kubanja kwawo wina anafa mwadzidzidzi ali wamng'ono, asasewerenso mpaka achipatala atamuyeza mtima, ngakhale atadzuka akuseka. Chimodzimodzi amene wagunda mutu: asabwerere m'bwalo, ndipo akamasanza, kuwodzera kapena kuiwala zomwe zachitika, apite kuchipatala. Akadandaula khosi, musamunyamule mwachisawawa. Ngati akuphupha monga wa khunyu, chotsani miyala pafupi, ikani nsalu kunsi kwa mutu, osamupana ndiponso osamuika supuni m'kamwa. Khunyu sipatsirana, mugwireni osaopa. Akaleka mugonekeni cham'mbali, ndipo kuphupha kukapitirira mphindi 5, kapena ngati n'koyamba, apite kuchipatala.

Ngati sakupuma

Pa 12 Juni 2021, Christian Eriksen wa timu ya Denmark anagwa yekha pabwalo ku Copenhagen akusewera ndi Finland. Mtima wake unali utaima. Anapulumuka chifukwa anayamba kumupsinja pachifuwa pomwepo, n'kugwiritsanso ntchito makina odzutsa mtima ndi magetsi, ndipo chaka chotsatira anabwerera m'bwalo. Makina amenewo pamabwalo athu akumudzi palibe, choncho kupulumutsa munthu wotere n'kovuta. Komabe manja anu ndiwo mwayi wokhawo umene ali nawo.

Munthu amene mtima waima amatha kumakoka mpweya mwa apo ndi apo ngati akuliza mkonono, mwinanso kugwedezeka pang'ono. Kumeneko si kupuma. Lozani munthu mmodzi, mumutchule dzina, akapeze galimoto. Wodwalayo agone chagada pansi polimba. Ikani chikhatho pakati pa chifuwa, china pamwamba pake, zigongono zowongoka. Psinjani mwamphamvu kuti chifuwa chilowe masentimita 5 kapena 6 kwa wamkulu, ndipo kwa mwana chilowe gawo limodzi mwa magawo atatu a kuchindikala kwake. Psinjani pafupifupi kawiri pa sekondi, kutanthauza ka 100 mpaka 120 pa mphindi, mukulola chifuwa kubwerera nthawi iliyonse. Ngati munaphunzira kuuzira mpweya, psinjani ka 30, uzirani kawiri, n'kubwereza. Ngati simunaphunzire, ingopsinjani osaleka. Muzilandirana pakatha mphindi ziwiri zilizonse chifukwa manja amatopa msanga. Izi zimaphunzirika bwino poyeserera pachidole, ndipo a Malawi Red Cross amaphunzitsa. Gulu lanu lingapemphe maphunzirowa kudzera kwa alangizi a zaumoyo a m'dera lanu.

Chikwama cha timu

Chikwama chimodzi chizikhala pabwalo tsiku lililonse la zokonzekera, osati pa mpikisano pokha. Mukhale mabandeji awiri otamuka, zitenje ziwiri zochapa, mapaketi anayi a Thanzi, shuga pang'ono, panado, sopo, magolovesi ogwirira mabala, ndi kapu. Pambali pake pakhale chigubu cha malita 20 cha madzi a pamjigo kapena othira mankhwala. Mukhalenso kope lolembamo dzina la wosewera aliyense, foni ya makolo, ndi matenda amene ali nawo monga mphumu, khunyu kapena shuga. Patsamba loyamba lembani manambala a anthu awiri a kabaza wa njinga yamoto, mmodzi wa galimoto, ndi a chipatala chapafupi. Pa nkhani zosafulumira mungafunse malangizo ku Chipatala cha pa Foni.

M'miyezi yotentha yambani zokonzekera dzuwa litapendeka, cha m'ma 4 koloko, ndipo muziimitsa pakatha mphindi 15 kapena 20 zilizonse kuti onse amwe madzi. Musanaimbe wezulo yoyamba, yendani bwalo lonse ndi ana, mukwirire maenje, muzule ziputu. Kenaka afunseni mafunso atatu: ndani sanadye, ndani akudwala, ndani wachokera kudimba kapena kuchigafa. Amene wakweza dzanja ayambe ndi zopepuka, ndipo diso lanu likhale pa iye mpaka masewero atha.